Kukwera ndege uli ndi pakati: masabata awerengedwe pa tsiku lobwerera

Funso limene amayi ambiri amafunsa akafuna kukwera ndege ali oyembekezera ndi lakuti kodi andilola kupita? Koma funso limene limapweteketsa anthu kwambiri ndi linalo, lakuti kodi adzandilola kubwerera? Chifukwa mimba siyima kudikira kuti mumalize zimene mwapitira, ikungokula, ndipo a ndege amawerenga masabata pa tsiku lililonse limene mukukwera ndege yawo, samayang'ana tsiku limene munagula tiketi ayi. Nde munthu atha kunyamuka bwinobwino kuno ku Mzuzu, kukafika ku Joni kaya ku Dubai popanda womufunsa kanthu, koma pobwera nkumuimitsa pa kauntala kuti amayi inu simukwera.

Tiyambe ndi malire ake. Makampani ambiri a ndege amatsatira ndondomeko yofanana ndithu, imene imachokera ku malangizo a IATA, bungwe la makampani a ndege a padziko lonse. Ngati mimba ili ya mwana mmodzi ndipo ilibe vuto lililonse, mpaka masabata 28 mumakwera ngati munthu wina aliyense. Kuchoka pa masabata 28 kupita mtsogolo amafuna kalata ya dokotala. Kufika masabata 36 basi chitseko chatsekedwa, ndipo ngati mimba ili ya mapasa chimatsekedwa msanga, pa masabata 32, chifukwa mapasa nthawi zambiri amabwera masiku asanakwane. Emirates mwachitsanzo imafuna kalata mukangolowa sabata ya 29, ndipo British Airways siyinyamula mayi amene wadutsa mapeto a sabata ya 36, kapena ya 32 ngati ali mapasa. Koma si onse amene amafika pa 36, ena pa maulendo akunja amadulira pa 35, nde manambala ndalembawa akhale ongokupatsani chithunzi, lamulo limene lidzagwire ntchito pa inu ndi la kampani imene mukwereyo, ndipo malamulowa amasinthasintha, muwerenge limene lilipo panopa pa webusayiti yawo kapena muwaimbire.

Anthu ena amaganiza kuti malirewa alipo chifukwa ndege imaononga mwana kapena imayambitsa matenda nthawi yochira isanakwane. Si choncho. Kwa mayi amene mimba yake ikuyenda bwino palibe umboni woti kukwera ndege kumapangitsa kupita padera, kapena kuswa nsupa, kapena kuyambitsa matenda nthawi isanakwane. Mpweya wa mu ndege amausunga kuti ufanane ndi wa malo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, tinene kuti zili ngati mwakwera ku Nyika, ndipo ife a ku Mzuzu timakhala kale pa mamita opitirira 1,200, thupi la mayi wathanzi ndi mwana wake zimakwanitsa bwinobwino. Makina aja amatidutsitsamo pa eyapoti nawonso alibe vuto kwa mwana. Chimene a ndege amaopa ndi chakuti kuyambira masabata 37 mwana atha kubwera tsiku lina lililonse, ndipo mmwambamo mulibe mzamba, mulibe magazi oti akupatseni mukataya ambiri, mulibe fiyeta, mulibe pomufunditsira mwana wobadwa masiku osakwana, ndipo kuti ndege itembenuke kukatera pena pake pamatenga nthawi imene mayi amene akutaya magazi alibe. Ine ndimaona kuti malamulowa ndi oyenera, ndipo amateteza mayiyo kuposa mmene amatetezera kampani.

Tsopano kuwerenga masabatawo, apa ndi pamene pali nkhani yonse. Kwathu kuno timawerenga miyezi, munthu amati ndili ndi miyezi isanu ndi iwiri, koma pa eyapoti mwezi sugwira ntchito chifukwa miyezi 7 itha kukhala masabata 28 kapena 31, ndipo pakati pa manambala awiriwa pali kalata. Amafuna masabata ndi masiku. Njira yosavuta ndi kutenga tsiku limene mukuyembekezeka kuchira, lija anesi amalemba mu buku la kusikelo kuti EDD, tsiku limenelo ndi masabata 40 ndendende, kenako nkumawerenga chobwerera mmbuyo pa kalendala.

Tiyerekeze mayi wa ku Luwinga amene amuna ake amagwira ntchito ku Joni ndipo akufuna akawaone asanachire. Msambo wake womaliza unayamba pa 13 Malichi, nde kusikelo anawonjezera masiku 7 ndi miyezi 9 nkumulembera 20 Disembala. Tikabwerera mmbuyo masiku 28 kuchoka pa 20 Disembala tikupeza 22 Novembala, pamenepo ndi masabata 36. Tikabwereranso ena 28 ndi 25 Okutobala, masabata 32. Ena 28 ndi 27 Sepitembala, masabata 28. Madeti atatu amenewa ndi amene akufunika alembedwe papepala munthu asanapite kwa ejenti wa matiketi. Mayiyu wapeza tiketi yotchipa yonyamuka pa 4 Okutobala kubwera pa 15 Novembala. Popita akhala ndi masabata 29 ndendende, nde kalata ikufunika kale olo mimbayo isamaoneke kwambiri. Pobwera akhala ndi masabata 35 ndendende, ali mkati mwa malire a kampani imene imafika pa 36, koma watsala ndi sabata imodzi yokha, ndipo ngati kampani yake ili ya aja amadulira pa 35 ndiye kuti ali pa mzere penipeni. Nde taganizani amuna ake amuuze kuti amayi khalani masiku khumi ena tikagule kaye katundu wa mwana malipiro akatuluka, nkusintha tiketi kukhala 25 Novembala. Tsiku limenelo ali ndi masabata 36 ndi masiku 3. Makina osinthira tiketi samufunsa za mimba, ndalama yosinthira alandira, koma pa tsikulo sakwera. Zotsatira zake ndi kuchirira kunja, bilu ya chipatala ya mlendo, masiku amene anamudindira mu pasipoti akutha, komanso mwana wobadwira kumeneko akufunika mapepala ake oyendera asanabwere kumudzi, ndipo ndege zambiri sizinyamula khanda limene silinakwane masiku 7. Akanakhala mapasa ulendo wonsewu sukanatheka nkomwe mmene wakonzedweramu, amayenera kukhala atabwera pasanafike pa 25 Okutobala.

Pali kanthu kena kosokoneza pa mawu akuti sabata ya 36. Munthu amene ali ndi masabata 35 ndi masiku 2 ali mkati mwa sabata ya 36, monga mmene mwana wa zaka 5 ndi miyezi ingapo ali mu chaka chake cha 6. Nde kampani ikalemba kuti mpaka mapeto a sabata ya 36, wina amamva kuti ndi masabata 35 ndi masiku 6, wina amamva kuti 36 ndi masiku 6, kusiyana kwa sabata yathunthu, ndipo inu simukudziwa kuti amene mudzamupeze pa kauntala amamva ziti. Ine ndinganene kuti tengani kumva kokhwimako, kwa mayi wathu uja tsiku lomaliza likhale 21 Novembala, ndipo kunena zoona bola kusiya mpata wa masabata awiri kapena atatu chifukwa ndege zimalephereka, munthu amadwala, maliro amagwa. Ngati mwafunsa ku kampani, funsani ndi deti, kuti EDD yanga ndi yakuti ndipo ndikufuna kukwera pa deti yakuti, mundilola? Ndipo yankho likhale lolembedwa pa imelo, musamangodalira za pa foni.

China chimene chimavuta kwathu kuno ndi kukhala ndi madeti awiri. Ambiri timayamba sikelo mochedwa, nde buku likunena 20 Disembala kutengera msambo, kenako mwakajambulitsa sikani mimba ili kale yaikulu ndipo kapepala ka sikani kakuti 10 Disembala. Mukatenga ya sikaniyo, pa 15 Novembala paja mayi wathu sali pa 35, ali pa 36 ndi masiku 3, wadutsa. Sikani yoyambirira, ya mimba isanapitirire masabata 13 kapena 14, ndi imene imalondola bwino, imaphonya ndi masiku osapitirira sabata, pamene sikani ya kumapeto itha kuphonya ndi masabata awiri mpaka atatu chifukwa ikungoyeza kukula kwa mwana ndipo ana amakula mosiyana. Si ntchito yanu kusankha deti imene ikukukomerani, ndi ntchito ya dokotala kuona zonse ziwiri nkugamula imodzi, ndipo imeneyo ndi imene ilembedwe pa kalata. Mukapereka mapepala otsutsana pa kauntala iwo atenga imene ikuonetsa masabata ambiri, ndipo simungawadzudzule.

Kalatayo tsopano. Buku la kusikelo palokha nthawi zambiri silikwanira, munyamule ndithu chifukwa mukadwala kumeneko ndi limene lidzawauze madokotala mbiri yanu, koma a ndege amafuna kalata yapadera, ya mChingerezi, pa pepala la chipatala, yosainidwa ndi dokotala kapena mzamba, yokhala ndi deti ndi chidindo, ndipo ndi bwino wolembayo aikepo nambala yake ya kaundula ndi foni. Dzina lanu lilembedwe mmene lilili mu pasipoti, izi amayi ambiri zimawapeza chifukwa kusikelo analembetsa dzina la amuna awo pamene pasipoti ili ndi dzina la bambo awo. Mkatimo inene kuti mwana ndi mmodzi kapena mapasa, masabata amene muli nawo pa tsiku limene akuonani, EDD, kuti mimba ilibe vuto, ndipo mawu akuti fit to fly, kutanthauza kuti mutha kukwera ndege, aoneke, pamodzi ndi madeti a ulendo wopita ndi wobwera. Kalata yongoti mayiyu ndi woyembekezera ndipo ali bwino, yopanda masabata ndi EDD, itha kukanidwa.

Ndipo kalata imakalamba. Makampani ambiri amafuna yolembedwa masiku 7 kapena 10 ulendo usanachitike, nde musathamangire kukaitenga mwezi wathunthu usanafike. Mayi wathu uja wonyamuka pa 4 Okutobala akaonane ndi dokotala chapa 29 kapena 30 Sepitembala, komano kalata imeneyo pofika pa 15 Novembala ikhala ndi masabata opitirira 6, ndiye ngati kampani yake ili ndi lamulo la masikuli akuyenera kukapeza dokotala wina ku Joni komweko amuyeze nkumulembera yatsopano, ndipo ndalama yake aikonzekeretu kuchokera kuno. Makampani ena mimba ikafika kumapeto, kapena ikakhala ndi vuto lina lake, kalata wamba siyikwanira, amafuna fomu yawo imene imatchedwa MEDIF, dokotala wanu amadzaza, inu nkuitumiza ku kampani masiku awiri kapena atatu ulendo usanafike kuti madokotala awo avomereze. Imeneyi simungaidzazire pa eyapoti. Kwa ife a ku Mzuzu izi nzofunika kwambiri chifukwa ndege zakunja timakakwerera ku KIA ku Lumbadzi, nde mukazindikira muli kale kumeneko kuti chidindo palibe, dokotala amene amakudziwani ali pa mtunda wa makilomita opitirira 300. Muiwerenge kalatayo musanatuluke mu ofesi mwa dokotala, mujambule pa foni, koma yeniyeniyo ikhale mu kachikwama ka mmanja pamodzi ndi pasipoti, isalowe mu sutikesi.

Muonenso kuti ndege imene mukwere ndi ya ndani. Tiketi itha kukhala ya kampani ina koma pansi pake palembedwa operated by kampani ina, ndipo lamulo limene limagwira ndi la eni ndegewo. Mukadutsira ku Addis Ababa kaya ku Nairobi nkukasintha ndege, kampani iliyonse ili ndi malire ake, nde tsatirani okhwimitsitsa pa onsewo. Ndipo olo muli ndi mapepala onse, ngati pa tsikulo mukuoneka kuti simuli bwino, woyendetsa ndege ali ndi mphamvu yokana kukunyamulani.

Kumbali inanso, pali amayi amene mimba zawo zimatuluka msanga, ali ndi masabata 24 koma akuoneka ngati achira mawa. Lamulo silikuwafunsa kalata, koma amene ali pa kauntala akuweruza ndi maso, nde ngati mimba yayamba kuoneka ingotengani kalata yonena masabata anu, mupewe kukangana pa mzere.

Ndikudziwa kuti ena amabisa, kuvala chijekete chachikulu nkunena masabata ochepa, ndiponso ena amapeza munthu wowadindira kalata asanawayeze nkomwe. Chonde amayi anzanga musatero. Kalatayi phindu lake lenileni ndi kuyezedwako. Dokotala akuyenera kuyeza bipi, chifukwa ikafika 140/90 kapena kupitirira, makamaka mkodzo ukaonetsa puloteni, ndiye kuti mwina ayamba matenda aja amathera kukomoka ndi kugwedezeka, ndipo amenewa amatha kukula msanga munthu asakumva kanthu. Akuyenera kuyeza magazi, ndipo apa ndi pamene ife timagwa kwambiri chifukwa cha malungo ndi kuchepa kwa ayironi. Nambala imene imalembedwa kuti Hb ikatsika kufika cha mma 7 kapena 8, mpweya wochepa wa mu ndege uja umene suvuta mayi wathanzi umakhala vuto lenileni kwa inu ndi mwana, nde muyambe mwakweza magaziwo. Akuyeneranso kudziwa ngati mwataya magazi posachedwapa, ngati nsengwa yakhala mmunsi kutseka njira, ngati munachirapo masiku osakwana mmbuyomu kapena khomo la chiberekero likutseguka msanga, ngati muli ndi sikoselo ndipo yakuvutani posachedwa, kaya vuto la mtima kapena mapapo. Chilichonse mwa izi ndi chifukwa chokwanira choti dokotala anene kuti ayi olo muli ndi masabata 20 okha, ndipo akakana wakuchitirani zabwino. Mimba ikakhala yaing'ono kwambiri a ndege safunsa kanthu, koma ngati mukumva kupweteka mbali imodzi ya mmunsi mwa mimba kapena mukuona timagazi, jambulitsani sikani musananyamuke aone kuti mimbayo siyinakhale mu chubu, chifukwa imeneyo ikaphulika muli mmwamba ndi ngozi yoti munthu atha kutaya moyo. Nthawi imene ambiri amayenda momasuka ndi ya pakati, masabata 14 mpaka 28, mseru watha ndipo thupi silinalemere.

Vuto limene ndege imabweretsadi kwa mayi wathanzi ndi kuundana kwa magazi mmitsempha ya mmiyendo. Mimba payokha imapangitsa magazi kuundana msanga, ndi mmene thupi limakonzekera kuti musadzataye ambiri pochira, komanso chiberekero chimapanikiza mitsempha yobweza magazi kuchokera kumiyendo, nde mukawonjezera kukhala malo amodzi maola opitirira 4 chiopsezo chimakwera. Apa a ku Mzuzu tisamawerenge maola a mu ndege okha. Lilongwe kupita ku Joni ndi maola awiri ndi theka basi, koma musanafike pa ndegeyo mwakhala kale maola 5 kapena 6 mu basi kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, Mponela miyendo ili yopinda ndi chikwama pamwamba, kenako kukhalanso pa mpando wodikirira. Miyendo siyisiyanitsa basi ndi ndege. Ngati nkotheka tsikani tsiku limodzi ulendo usanafike mukagone ku Lilongwe, ndipo basi ikaima tulukani muyendeyende olo simukufuna kugula kanthu. Mu ndegemo pemphani mpando wa mphepete mwa kanjira kuti muzidzuka mosavutitsa anzanu, muziyenda pang'ono pakatha theka la ola kapena ola ngati sanayatse chizindikiro cha lamba, mukakhala pansi muzigwedeza mapazi mmwamba ndi pansi, ndipo muzimwa madzi, musamadzimane poopa kupitapita kuchimbudzi, kupitapitako ndi kumene kukukuyendetsani. Pa ulendo wautali masokosi othina aja a kufamase ofika mmawondo amathandiza, bola akhale a saizi yanu ndipo asapindike pamwamba. Ngati magazi anakuundanaponi kale kapena ndinu onenepa kwambiri muwauze adokotala, atha kukupatsani jakisoni wa hepalini woletsa magazi kuundana, musangodzigulira asipilini nkumati ndadziteteza. Lamba mumange nthawi yonse imene mwakhala, pansi pa mimba podutsa mchiuno, asadutse pamwamba pa mimba, akachepa pemphani chowonjezera amakhala nacho. Mipando ya pa chitseko cha ngozi ija ili ndi malo otambasulira miyendo koma kawirikawiri sapereka kwa oyembekezera.

Mapazi onse awiri kutupa pang'ono mukatsika ndi zachizolowezi ndipo zimaphwa mukagona mutakweza miyendo. Chimene si chachizolowezi ndi mwendo umodzi wokha kutupa, katumba kupweteka, kutentha kapena kusintha mtundu, ndipo izi zitha kubwera patapita masiku angapo mutafika. Mukawonjezera kubanika, kupweteka pachifuwa popuma kapena kutsokomola magazi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwauze kuti muli ndi pakati komanso mwangoyenda ulendo wautali, musausisite mwendowo. Mukadali mu ndege mukaona magazi, madzi akutuluka, mimba ikumanga mobwerezabwereza, kaya mutu ukuwawa kwambiri ndipo maso akuchita chidima, auzeni ogwira ntchito mu ndege msanga, manyazi asakugwireni, chifukwa woyendetsa akadziwa msanga amakhala ndi malo ambiri oti asankhe kukatera.

Ziwiri zomaliza zimene zimaiwalika mpaka tsiku latha. Inshulansi ya paulendo yambiri siyilipira za mimba ikadutsa masabata ena ake, ndipo ina imalipira mayi koma osalipira mwana akabadwa msanga nkugonekedwa, pamene bilu yaikulu imakhala ya mwanayo, nde funsani zimenezi mwachindunji musanalipire. Kenako katemera wa yelofiva. Ameneyu kawirikawiri sabaya amayi oyembekezera pokhapokha ngati akupita kumene matendawo ali pafupi ndipo ulendo sungalephereke. Malawi sali mgulu la maiko a matendawa koma Kenya ndi Ethiopia alimo, ndipo maiko ena monga South Africa amafuna khadi yachikasu ya katemerayu ngati mwakhala maola opitirira 12 pa eyapoti ya dziko lotero. Ngati munabayitsa kale musanatenge pakati khadi yanu ikugwirabe ntchito moyo wonse, koma ngati simunabayitse, sankhani njira yosachedwa podutsa, apo ayi pemphani adokotala akulembereni kalata ina yofotokoza chifukwa chimene simunabayidwe, ndipo mufunsiretu ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitalo ngati amailandira.